Agogo anadinda chala, tsopano adamwalira, ana akukangana: mawu amene tinajambula ndi a ndani?

Mwana_wa_Michesi
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Zaka zingapo zapitazo ndinagwira ntchito ngati wothandizira pa pulojekiti yojambula Chilhomwe kwathu ku Phalombe. Mwini pulojekiti anali dokotala wa zinenero wochokera kunja, ine ntchito yanga inali kupeza olankhula, kujambula, kulemba zimene anena ndi kumasulira. Mwa amene tinawajambula munali agogo ena amene Chilhomwe chawo chinali chakuya kwambiri. Ndiwatchule agogo N. Tsiku loyamba ndinawawerengera fomu ya m'Chichewa, iwo anadinda chala, ndipo pa rekoda akumveka akunena kuti "jambulani, zidzukulu zidzamve". Amfumu analinso atavomereza kuti tigwire ntchito m'mudzimo.

Zonse zinatumizidwa ku nkhokwe ya zinenero ya ku Ulaya, dzina lake sinditchula. Muli nthano, mayina a mbewu ndi mitengo, vidiyo ya mbiri ya moyo wawo, ndi nyimbo za chinamwali cha atsikana. Agogowo adamwalira chaka chatha. Mwezi wathawu mdzukulu wawo wa ku koleji anapeza dzina lawo pa intaneti, analembetsa, nkudawuniloda vidiyo ya mbiri ija, nkuponya kachidutswa pa WhatsApp ya banja. Mwana wawo wamwamuna amene ali ku Joni wakwiya, akuti tinagulitsa mayi ake, tichotse zonse. Mwana wamkazi amene ali pamudzi akuti ayi musachotse, ndipatseni kope. Onse akuyimbira ine chifukwa adokotala aja anasintha ntchito ndipo amayankha mochedwa. Ndimvere ndani?

Kalikokha
Anadinda chala, nkhani yatha. Wa ku Joniyo akufuna ndalama basi.

Mphunzitsi_Migowi
A Kalikokha, musafulumire. Munthu wosadziwa kuwerenga amene sanagwirepo foni ya intaneti, mukamuuza kuti mawu ake "adzasungidwa kuti ophunzira adzagwiritse ntchito", m'mutu mwake akuona kabati yokhoma mu ofesi ina ku Zomba. Sakuona mdzukulu akuponya nkhope yake pa gulu la banja. A Michesi, fomuyo inkati chiyani kwenikweni pa za intaneti?

Mwana_wa_Michesi
Panali mzere woti zojambulazo "zidzaikidwa pa makina a intaneti kuti ofufuza azitha kuzipeza". Ndinawerenga momwemo. Anagwedeza mutu.

Mphunzitsi_Migowi
Eya, ndiye vuto lili pamenepo. Kugwedeza mutu pamaso pa mlendo amene wabwera ndi galimoto, amfumu atauza kale mudzi kuti timulandire, sikutiuza zambiri.

NaPhiri_Zomba
Ndagwirapo ntchito yokonza mafayilo otere asanapite ku nkhokwe, ndiye ndiyankhe motalikirapo. Funso loti ndimvere ndani likukuvutani chifukwa mukutenga zojambula zonse ngati katundu mmodzi. Si mmodzi. Muli ndi zinthu zinayi ndipo chilichonse chili ndi eni ake.

Mayina a mitengo ndi nthano palibe amene angavulale nazo, ndipo ndi zimene agogo ankatanthauza ponena za zidzukulu. Vidiyo ya mbiri ya moyo ndi ina. Anthu akamakamba moyo wawo amatchula anzawo, ndipo otchulidwawo sanadinde chala chilichonse. Nyimbo za chinamwali ndi inanso, chifukwa zimenezo agogo anachita kulandira kwa anamkungwi, sanapeke okha.

Musanayankhe aliyense wa ana awiriwo, ndiuzeni zinthu ziwiri. Mu kachidutswa kamene kakuzungulirako agogo akunena chiyani? Ndipo nyimbozo ankayimba okha?

Mwana_wa_Michesi
Mwandigwira mayi NaPhiri. Mu vidiyomo muli mphindi pafupifupi zisanu ndi imodzi zimene akufotokoza mkangano wa munda ndi banja loyandikana nalo. Akutchula mayina, ndipo penapake akunena kuti mayi wa banja limenelo ndi amene anadya mwana wawo wachitatu. Kachidutswa kamene kakuzungulira si kameneko, ndi pamene akukamba za ukwati wawo. Koma mdzukuluyo ali ndi vidiyo yonse. Nyimbozo anayimba ndi anzawo awiri amene anangobwera kudzacheza tsiku limenelo.

NaPhiri_Zomba
Ndiye nkhani ya ana awiri aja idikire kaye. Lero lomwe lembani ku nkhokweko, musadikire adokotala. Tchulani nambala ya fayilo ya vidiyoyo, nenani kuti muli mawu onamizira munthu wamoyo ufiti, pemphani kuti aitseke mongoyembekezera mpaka mwini pulojekiti ayankhe. Nkhokwe zambiri zili ndi njira yotsekera fayilo mwachangu wina akadandaula, chifukwa kutseka nkosavuta kubweza. Adokotalawo muwaike pa kalata yomweyo kuti asadzati munawadutsa. Kenako muyimbireni mdzukuluyo mwaulemu, mumuuze chifukwa chake vidiyo yonseyo isapite kwa wina aliyense.

Musaiwale zolemba. Fayilo ya pulogalamu ya pakompyuta ya ELAN imene munalembamo mawu ndi kumasulira ili ndi mayina omwewo, ndipo iyo ndi yoopsa kuposa vidiyo chifukwa munthu angathe kusaka dzina nkulipeza. Onaninso kafotokozedwe ka fayilo pa tsamba la nkhokwe. Nthawi zambiri fayilo imakhala yotseka koma mutu wake uli poyera, ndiye ngati wina analemba kuti "agogo N akufotokoza mkangano wa munda ndi banja la uje", mwatseka pachabe.

Loya_wa_mawa
Ndiwonjezere kuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito. Agogo sangazengedwe, apita, koma wofalitsa aganize kawiri. Pa za umwini, lamulo ndi lomveka: wojambula ndiye mwini wa chojambulidwa. Ndiye mwini ndi dokotalayo kapena yunivesite yake. Ana alibe chonena.

Chitsulo_cha_njanji
Mlandu ndi waung'ono apa. Tonse tikudziwa zimene zimachitikira okalamba m'midzi akangotchulidwa dzina pa nkhani ya ufiti. Mayi ameneyo ngati ali moyo akhoza kugendedwa chifukwa cha vidiyo.

NaPhiri_Zomba
A Loya, mwanena theka. Chojambulidwa monga fayilo chikhoza kukhala cha amene anakonza zojambulazo, inde. Koma zimene zili mkatimo ndi nkhani ina. Mbiri imene munthu wafotokoza ndi mawu ake, woyimba ali ndi gawo lake pa kuyimbako, ndipo nyimbo ndi nthano za makolo lamulo lathu la zaumwini wa zaluso limati umwini wake uli m'manja mwa boma m'malo mwa anthu a m'Malawi. Ndiye mukatsata lamulo lokha, mupeza kuti nyimbo za kutsimba mwini wake ndi boma, osati amayi amene amazisunga. Kodi pali amene angapite kwa anamkungwi nkukawauza zimenezo? Nkhokwenso nthawi zambiri sitenga umwini. Imangosainirana ndi woikayo kuti isunge ndi kugawa malinga ndi malire amene iye waika. Nchifukwa chake kiyi ili ndi adokotala, ngakhale mawu si awo.

Loya_wa_mawa
Ndavomera za nthano ndi nyimbo za makolo. Koma ndikuumirirabe kuti mwana wa ku Joniyo alibe njira ya kukhoti yokakamizira nkhokwe ya ku Ulaya. Angathe kupempha, osati kulamula.

WakuJoni77
Si ine mwanayo, musandiyang'ane, koma ndikumumvetsa. Inu mukukamba za malamulo, iye wangoona mayi ake omwalira akulankhula pa foni, atavala nsalu yakutha, pa tsamba la azungu. Palibe anamuuzapo kuti vidiyoyo ilipo. Kuno anthu a Chisani anatopa ndi zomwezi mpaka mu 2017 analemba malamulo awoawo oti wofufuza aliyense awatsate asanayambe ntchito pakati pawo. Ife timangolandira sopo ndi shuga. Ndipo funso la ndalama musalinyoze. Dokotalayo anapeza digiri, anapeza ntchito, mwina analemba buku. Agogo anapeza chiyani?

Mwana_wa_Michesi
Ankalipidwa tsiku lililonse limene tagwira nawo ntchito, ndalama yofanana ndi ya olankhula onse, ndipo ankasainira. Nkhokwe sigulitsa chilichonse, kulembetsa ndi kwaulere. Koma zoti ana sanauzidwe nzoona. Wamkaziyo ankadziwa kuti tikujambula, za intaneti sankadziwa.

Tsinde
Pepani ndilowe ndi yanga. Ine bambo anga ankayimba bangwe ndipo anajambulidwa ndi wailesi kalekale, tepiyo sitinaionepo. Kodi COSOMA ingatithandize kupeza ndalama zake? Ndimamva amalipira oyimba.

Kalikokha
Achimwene Tsinde mwasochera, pano tikukamba za agogo a ku Phalombe.

Mbewa_zatha
Sanasochere kwenikweni. A Tsinde, COSOMA imatolera ndalama za nyimbo zimene zalembetsedwa kwa iwo ndipo zikuseweredwa, ndiye yambani mwapeza kaye tepiyo. Koma nkhani yanu ikusonyeza mbali imene ena akuiwala pano. Hugh Tracey, wofufuza nyimbo za makolo za mu Africa, anayenda m'Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula Amang'anja, Achewa, Ayawo, Atonga ndi Atumbuka. Nthawi imeneyo mafomu a chilolezo ngati a lero kunalibe. Zojambulazo zili ku ILAM, nkhokwe imene iye anayambitsa mu 1954, panopa ili ku yunivesite ya Rhodes ku Makhanda, ku South Africa. Lero mwana wa ku Nsanje akhoza kumva mmene makolo ake ankayimbira zaka 70 zapitazo chifukwa palibe amene anafufuta. Akanabwera mwana mmodzi wokwiya mu 1960 nkunena kuti fufutani zonse, bwenzi tilibe kanthu. Chilhomwe chimene agogo N ankalankhula, ndi angati a zaka 20 ku Migowi akuchilankhula choncho? Kufufuta ine ndikukana kwamtuwagalu.

WakuJoni77
Ndiye mwana wa ku Nsanjeyo wazimva kangati? Zakhala ku Makhanda zaka zonsezi, kufupi ndi ine kuposa iye.

Mbewa_zatha
A ILAM eni ake anayamba ntchito yobweza makope kumadera kumene zinajambulidwa, ndipo zina za ku Malawi zinatuluka pa ma CD. Nzochepa, ndikuvomera. Koma chinthu chosungidwa kutali mungathe kuchiitanitsa, chofufutidwa simungathe.

MwanaWaNamkungwi
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mayi anga ndi namkungwi, osati ku Phalombe koma mwambo wake sutalikirana. Abambo mukukangana za munda ndi za Tracey, nyimbo zija mwazisiya. A Michesi, ndikufunseni mosabisa, ndinu bambo kapena mayi?

Mwana_wa_Michesi
Ndine bambo. Tsiku la nyimbozo ndinatchera rekoda nkutuluka, anatsala ndi mnzanga wamkazi amene tinkagwira naye ntchito. Ndiyenso analemba mawu ake.

MwanaWaNamkungwi
Mwaona? Agogowo anakutulutsani. Ndiye kuti malire anawanena kale tsiku lomwelo, kungoti sanalembedwe pa fomu. Munthu amene sanafune kuti inu mwana wa m'mudzi momwemo mumve, angafune kuti mwamuna aliyense wolembetsa ndi imelo amve? Chala chimene anadinda tsiku loyamba chinali cha nthano ndi mayina a mitengo. Tsiku la nyimbo linafunika funso lake.

Nanga amayi awiri aja anavomera kwa ndani? Ndipo chilolezo cha amfumu pa nkhani imeneyi musachiwerengere. Amfumu amatsegula njira yolowera m'mudzi, koma za kutsimba sizili m'manja mwawo, iwonso amachita kupempha. Ngakhale ana a agogowo, wa ku Joni ndi wapamudzi, si eni nyimbo. Wamwamunayo sayenera nkuzimva komwe. Oti afunsidwe ndi amayi awiriwo ngati ali moyo, ndi anamkungwi amene akuvinira atsikana m'deralo panopa.

Si nyimbo zonse za chinamwali zimene zili zobisika, ndiwonjezere. Zina zimayimbidwa pabwalo tsiku lotuluka anamwali, amuna ali pomwepo. Mnzanu wamkazi uja akhale pansi ndi amayiwo, amvere imodzi imodzi, iwo anene kuti iyi ndi yapabwalo, iyi ndi ya mkati.

Chitsulo_cha_njanji
Zofanana ndi za kudambwe. Gule Wamkulu UNESCO inamulemekeza mu 2005, aliyense amajambula pabwalo, koma yesani kulowa ndi kamera kudambwe muone.

Kalikokha
Koma nyimbo za chinamwali zadzaza kale pa TikTok, atsikana akuvina okha. Mukubisa chiyani?

MwanaWaNamkungwi
Amene akuponya pa TikTok akudziyalutsa okha ndi nkhope zawo. Amayi awiri aja sanasankhe zimenezo.

NaPhiri_Zomba
Achemwali MwanaWaNamkungwi anena zimene fomu imalephera. Chilolezo chimayenera kufunsidwa pa chojambula chilichonse, makamaka pomaliza, munthu atamvetsera zimene wanena. Pa rekoda pomwepo mumafunsa: izi amve ndani, dzina lanu litchulidwe, nkhope ioneke, inu mukadzapita tidzafunse ndani? Funso lomalizali ndi limene likanakupulumutsani, a Michesi, ndipo mafomu ambiri alibe.

Tione zimene zingatheke panopa. Nditenge nkhokwe ya zinenero ya ELAR monga chitsanzo chifukwa ndi imene ndimaidziwa. Inayambira ku yunivesite ya SOAS ku London, mu 2021 inasamukira ku Berlin. Kumeneko fayilo iliyonse imapatsidwa chilembo. O ndi yotsegukira aliyense, U ndi ya amene alembetsa, S ndi yoti munthu apemphe kaye ndipo woika uja avomere. Yanuyo iyenera kuti ili ndi zofanana nazo, ndipo zikuoneka kuti zonse munaziika pa mlingo wa olembetsa. Anthu amaganiza kuti mlingo umenewu ndi wotseka, koma mdzukulu uja wasonyeza kuti aliyense wa imelo amalowa.

Ndikanakhala ine, nthano ndi mayina ndikanazisiya mmene zilili, banja likavomera. Vidiyo ya mbiri ndikanapanga makope awiri. Yathunthu ikhale yotseka, ndi chaka cholembedwa choti idzaunikidwenso. Ina idulidwe mphindi zisanu ndi imodzi zija, pamodzi ndi mizere yake mu ELAN, ndipo palembedwe kuti gawo lina lachotsedwa pofuna kuteteza anthu otchulidwa. Kungoika kaphokoso pa dzina sikukwanira, pamudzi aliyense adziwa kuti munda wa kumtsinje uja ndi wa ndani. Nyimbo zitsekedwe zonse mpaka amayi aja alankhule.

Koma mlingo wopempha uli ndi chilema chake. Pempho limapita kwa woika. Woika akasintha ntchito, akatopa kapena akamwalira, fayiloyo yafa chifukwa palibe woyankha. Ndipo zimapweteka kuti mdzukulu wamkazi wa agogo N, wovinidwa bwinobwino, azipempha kwa munthu wa ku Ulaya kuti amve nyimbo za kwawo. Pemphani adokotala alembetse munthu wachiwiri wa kuno woti azitha kuyankha mapempho. Pa nyimbozo akhale mnzanu wamkazi uja, osati inu.

NyaChitipa
Ine ndikutsutsako pang'ono za kutseka. Kwathu anajambula Chilambya ndi Chisukwa anthu osiyanasiyana, ndipo ndikafuna zoti ndiphunzitsire ana ndimapeza zambiri zili zokhoma "pofuna kulemekeza anthu a m'deralo". Anthu a m'deralo ndife, ndipo palibe anatifunsa ngati tikufuna zikhomedwe. Nthawi zina wofufuza amakhoma kuti mnzake asamutsogolere kulemba, nkunamizira mwambo. Nchifukwa chake opereka ndalama ena masiku ano amaumirira kuti zambiri zikhale zotsegula. Ndiye tsekani mphindi zisanu ndi imodzi zija, tsekani nyimbo za mkati, koma musatseke zonse chifukwa choopa mwana mmodzi.

Mphunzitsi_Migowi
Pa funso loyamba lija, loti amvere ndani, palibe wayankha. Kwathu kuno mbumba imatsata kuchikazi. Nkhani ya malemu siyendera mwana amene wakuwa kwambiri pa foni, imayendera mwinimbumba. A Michesi, agogowo alongo awo alipo?

Mwana_wa_Michesi
Alipo mmodzi, atsibweni a anawo, ndi okalamba koma mutu uli bwinobwino.

Mphunzitsi_Migowi
Yambirani kumeneko. Musapite ndi yankho, pitani ndi laputopu. Aoneni okha nthano imodzi ndi vidiyo yodulidwa ija, mwana wamkazi ali pomwepo, wa ku Joni ali pa foni. Ambiri amene amati fufutani amakhala sanaone chimene akukana, angomva kuti chili pa intaneti. Muwafotokozerenso poyera za ndalama, kuti agogo analandira zingati, adokotala anapindula chiyani, inu munalipidwa chiyani. Mukabisa pamenepo ndiye mwatsimikiza zimene akuganiza.

Loya_wa_mawa
Nanga mwinimbumba akati fufutani zonse, pamene mwini wake ananena pa rekoda kuti zidzukulu zidzamve? Mawu a malemu agonje kwa mlongo wake? Ine ndikuona kuti pa nthano, chifuniro cha agogo chiposa cha onse amoyo.

MwanaWaNamkungwi
Anati zidzukulu. Sanati dziko lonse.

Mbewa_zatha
Zidzukulu zake zili ku Blantyre, ku Joni, mawa zidzakhala ku Leeds. Zidzamva bwanji popanda intaneti?

WakuJoni77
Pa memole khadi, ngati mmene timamvera zina zonse. Funso langa ndi lakuti chifukwa chiyani banja lilibe kope mpaka lero, pamene mlendo ali nalo. Ku Amereka zinafika poipa pa nkhani ngati yomweyi. Mu 2022 khonsolo ya Alakota a ku Standing Rock inavota kuthamangitsa bungwe la Lakota Language Consortium m'dera lawo. Bungwelo linajambula akuluakulu kwa zaka zambiri nkupanga mabuku ndi dikishonale, koma anthu anadandaula kuti umwini linalemba m'dzina lake ndipo iwo ankachita kugula kapena kupempha zinthu zochokera m'kamwa mwa agogo awo. Bungwelo linali ndi mayankho ake, koma chikhulupiriro chinali chitatha.

NaPhiri_Zomba
Kope liperekedwe, pamenepo palibe mtsutso, ndipo linayenera kuperekedwa agogo ali moyo. Koma konzani bwino. Mafayilo a nkhokwe ndi a WAV, ola limodzi limadya malo oposa theka la gigabayiti ndipo mafoni ang'onoang'ono ena sawatsegula. Asandutseni MP3, ola limodzi likhala pafupifupi mamegabayiti 60. Mayina a mafayilo alembedwe oti munthu amve, monga nthano ya kalulu, osati manambala a pulojekiti. Ndipo dziwani kuti khadi ikangolowa m'mudzi, malire onse aja atha. Ipita kwa obena nyimbo pamsika, iyenda pa Bluetooth. Choncho pa khadi ya banja pakhale nthano, mayina ndi vidiyo yodulidwa basi. Nyimbo, amayi aja akafuna, zikhale pa khadi yawoyawo yoperekedwa m'manja mwawo.

Ku Australia anthu a Warumungu ndi wofufuza Kimberly Christen anapanga Mukurtu, pulogalamu imene imalola eni ake kuika malamulo oti ichi aone akazi okha, ichi a banja lakuti okha. Nzabwino, koma zimafuna magetsi, netiweki ndi munthu woziyang'anira chaka ndi chaka. Pa Phalombe ine ndingadalire kaye amayi awiri ndi khadi.

Tsinde
Nanga tepi ya bambo anga ndiyambire pati?

NyaChitipa
A Tsinde tsegulani mutu wanu padera, tikuthandizani kumeneko. Mulembe chaka ndi dzina la pulogalamu ngati mukukumbuka.

Mwana_wa_Michesi
Ndabwera ndi zimene zachitika. A nkhokwe anayankha msanga, atseka vidiyo, zolemba zake ndi nyimbo zonse mongoyembekezera, asinthanso mutu wa fayilo. Anandiuza kuti anthu anayi anadawuniloda vidiyoyo chiikireni, mmodzi ndi mdzukulu uja, enawo sangathe kuwalanda, angathe kungowalembera. Mdzukuluyo akuti wafufuta. Adokotala ayankha, avomera zodula vidiyo ndi zoika mnzanga wamkazi, koma akuti ziganizo zina za m'gawo la munda lija anazigwiritsa kale ntchito ngati zitsanzo mu pepala limene linasindikizidwa, mayina atasinthidwa.

Atsibweni anaonera nthano mpaka kugwetsa misozi, akuti zikhale. Wa ku Joni wafewa pa nthano koma vidiyo akukanabe ngakhale yodulidwa, akuti mawu akhale, nkhope ichoke. Mchemwali wake akuti nkhopeyo ndi imene akuifuna. Pa amayi awiri aja, mmodzi adamwalira. Winayo anamvetsera ndi mnzanga, wasankha zitatu kuti ndi zapabwalo, zotsalazo akuti zisafufutidwe chifukwa anamkungwi a masiku ano akuziphonya mawu, koma zisamvedwe ndi mwamuna kapena wosavinidwa. Namkungwi wa panopa sanagwirizane naye, akuti zisasungidwe nkomwe kunja kwa mudzi.

Kalikokha
Ndiye a nkhokwe adzadziwa bwanji kuti wopemphayo ndi wovinidwa? Atumize satifiketi?

NaPhiri_Zomba
Sangadziwe, nchifukwa chake woyankha akhale wa kuno amene angafunse kuti kwanu nkuti, anakuvinirani ndani. Za nkhope nzosavuta: pa intaneti pakhale mawu okha, vidiyo ipite pa khadi ya mchemwaliyo. Zimene mwagwirizanazo muzijambule kapena muzilembe, ndi tsiku lake ndi amene analipo, ziikidwe pamodzi ndi mafayilo, kuti wodzabwera pambuyo panu asadzayambirenso. Za pepala losindikizidwa, pemphani muone ziganizozo nokha. Dzina likhoza kusinthidwa koma ngati mudzi watchulidwa kumayambiriro kwa pepala ndipo chiganizo chikuti anadya mwana wanga chifukwa cha munda, sizinabisike.

MwanaWaNamkungwi
Pa kusagwirizana kwa mayi uja ndi namkungwiyo musalowerere, ndipo musatengere nkhaniyi kwa amfumu kuti agamule. Asiyeni akambirane okha ndi amayi anzawo, ngakhale zitenge mpaka chinamwali cha chaka chamawa. Ndikafunsa mayi anga Loweruka kuti iwo akanatani, koma ndikuwadziwa, ayamba ndi kufunsa kuti analola ndani kuti rekoda ikhale m'nyumbamo.

Mwana_wa_Michesi
Adokotala atumiza pepala lija usiku uno. Mudzi watchulidwa pa tsamba lachiwiri, pamodzi ndi dzina la T/A. Mayi NaPhiri, pepala loti linatuluka kale limatheka kukonzedwa, kapena tilembere kwa akonzi a magaziniyo?